Amalume akufuna kugulitsa dimba: kodi ndi Yuranasi, kapena ndi zaka chabe?

Mwezi wa Julaye ku Mlangeni kumazizira mosaseketsa. Mphepo imawomba kuchokera kumapiri, amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi m’mbali mwa msewu wa M1 amadzikulunga zitenje ziwiriziwiri, ndipo ikangokwana 6 koloko madzulo aliyense amakhala akufuna moto. Munali mu Julaye chaka cha 2025, tikuwotha moto wotere, pamene amalume anga anaponya bomba.

“Ine dimba lija ndikugulitsa. Njinga yamoto nayonso ipita. Ndikulowera ku Joni.”

Tonse tinangoti zii. Amalumewa si munthu wothamangira zinthu. Kwa zaka zoposa 20 akhala akudzuka mbandakucha, kuthirira mbewu, kukumba kachewere, kukweza matumba pa njinga kupita nawo pamsika wa Lizulu. Sanayambe agonapo kunja kwa dziko lino kupatula kudumpha msewu kukagula chimanga kutsidya kwa Mozambiki. Komanso dimba ankanenalo si lawo okha. Ndi la agogo, ndipo iwo monga mwinimbumba amangolisunga m’malo mwa alongo awo ndi ife ana a alongo awowo.

Mawa lake mwana wawo wachisamba, msuweni wanga wa zaka 19, anaponya kavidiyo pagulu lathu la WhatsApp. Mayi wina wachizungu ankafotokoza zomwe pa intaneti zimalembedwa kuti Uranus opposition. Ankati munthu akamafika zaka 42, pulaneti yotchedwa Yuranasi imaima moyang’anizana ndi pomwe inali tsiku lomwe iye anabadwa, ndipo zikatero mtima sukhazikika: munthu amafuna kusiya ntchito, kuthetsa banja, kusamuka, kuyambanso moyo. Pansi pa vidiyoyo msuweni wanga analemba kuti, “Si adadi awa? Kungoti achedwa ndi chaka chimodzi.”

Tinaseka, koma funso linatsala. Ngati vuto ndi pulaneti, ndiye kuti tingodikira lidutse lokha. Ngati si pulaneti, pali china chomwe tikuchiphonya, ndipo dimba likhoza kupita tikuyang’ana kumwamba.

Chiwerengero cha 42 chimachokera kuti?

Tiyambe ndi mbali yomwe ili yoona, chifukwa ilipo. Yuranasi ndi pulaneti yachisanu ndi chiwiri kuchokera ku dzuwa. Ili kutali ndi dzuwa kuwirikiza ka 19 kuposa momwe dziko lathu lilili, ndipo imatenga zaka 84 kuti izungulire dzuwa kamodzi. Theka la 84 ndi 42. Chiwerengero chotchukacho gwero lake ndi lomweli basi.

Taganizirani munthu wothamanga mozungulira bwalo la mpira. Tsiku lomwe munabadwa anali pagolo la kum’mawa. Akadzafika pagolo la kumadzulo, moyang’anizana ndi pomwe anayambira, ndiye kuti wayenda theka la ulendo. Okhulupirira nyenyezi amagawa bwalo lakumwambali m’madigiri 360, ndipo theka lake ndi madigiri 180. Yuranasi imayenda madigiri 4 ndi kachidutswa pa chaka. Ikakwanitsa madigiri 180 kuchokera pomwe inali pa kubadwa kwanu, iwo amati yayang’anizana ndi malo ake oyamba.

Tanthauzo lomwe amaipatsa si lakalekale monga momwe mavidiyo amamvekera. Okhulupirira nyenyezi a ku Babulo ndi ku Girisi sankaidziwa n’komwe pulanetiyi. Anaitulukira ndi William Herschel pa 13 Malichi 1781, ali m’tauni ya Bath ku Mangalande, pogwiritsa ntchito makina oonera zakutali omwe anapanga yekha. Nthawi imeneyo inali ya zipolowe. Amereka anali atalengeza ufulu wake mu 1776, ndipo mu 1789 anthu a ku Falansa anaukira mfumu yawo. Okhulupirira nyenyezi obwera pambuyo anayang’ana zochitikazi n’kunena kuti pulaneti yatsopanoyi ndi ya kuukira, ufulu ndi kusintha kwadzidzidzi. Palibe anayeza anthu kuti aone ngati zilidi choncho. Tanthauzo linatengedwa ku mbiri ya nthawi yomwe pulanetiyo inapezeka.

Kwa amalume, masamu akuti 44

Apa ndi pomwe nkhani inandikoka. Msuweni wanga ankati bambo ake achedwa ndi chaka. Nditawerengera bwinobwino ndinapeza kuti malinga ndi masamu a okhulupirira nyenyezi eni ake, amalume sanachedwe. Vidiyo ija ndi yomwe inaphonya.

Njira ya Yuranasi si yozungulira ndendende ngati mkombero wa lichero. Ndi yotalikirako pang’ono, moti nthawi zina pulanetiyi imakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2.7 biliyoni kuchokera ku dzuwa, nthawi zina 3 biliyoni. Ikayandikira dzuwa imathamanga, ikatalikira imayenda mozengereza. Inayandikira kwambiri mu 1966, ndipo inatalikira kwambiri mu 2009. Choncho theka la bwalo silitenga zaka 42 kwa aliyense. Munthu wobadwa cha m’ma 1946 anakumana nalo ali ndi zaka pafupifupi 39, chifukwa zaka zake zinagwera mbali yothamanga. Wobadwa mu 1966 anakumana nalo cha pa 42. Koma obadwa m’zaka za m’ma 1980, omwe ndi makolo ndi amalume a ambiri a inu, ulendo wawo wagwera mbali yozengereza, ndipo akukumana nalo cha pa 44. Inu obadwa cha m’ma 2000 lidzakupezani muli ndi zaka pafupifupi 43.

Amalume anabadwa chapakati pa Novembala 1981. Masiku amenewo Yuranasi inali itangolowa m’chigawo chomwe okhulupirira nyenyezi amachitcha Sajitariyasi, pachiyambi penipeni. Chigawo choyang’anizana nacho ndi Jemini. Funso ndi lakuti, kodi Yuranasi inafika liti pakhomo la Jemini? Yankho ndi 7 Julaye 2025. Kenako inaoneka ngati ikubwerera m’mbuyo, n’kudutsanso pakhomo lomwelo chakumayambiriro kwa Novembala 2025, ndipo inalowa kachitatu chakumapeto kwa Epulo 2026.

Kubwerera m’mbuyoku si kwenikweni. Mukakhala mu minibasi yomwe ikupitirira lole yodzaza pachitunda, loleyo imaoneka ngati ikubwerera m’mbuyo ngakhale ikupita komwe inu mukupita. Dziko lathu limazungulira dzuwa chaka chilichonse, ndiye limapitirira Yuranasi chaka chilichonse, ndipo kwa miyezi pafupifupi isanu pulanetiyo imaoneka ngati ikubwerera. Ndi chifukwa chake okhulupirira nyenyezi amati munthu amakanthidwa katatu.

Taonani tsono zomwe zinachitika. Amalume anaponya bomba lawo mu Julaye 2025, mwezi womwewo womwe Yuranasi inafika pa madigiri 180 awo. Ndisaname, thupi linachita tsembwe. Ndinatsala pang’ono kulemba pagulu paja kuti, “Abale, ndi zoona izi.”

Chomwe chinandibweza

Chinandibweza ndi kuwerenga anthu. Popeza Yuranasi imayenda madigiri anayi okha pa chaka, aliyense wobadwa chakumapeto kwa 1981, kaya ku Mlangeni, ku Tete kapena ku Tokyo, anakumana ndi kuyang’anizanaku miyezi yomweyo. Ndinafunsa amayi kuti anditchulire anthu a m’dera lathu omwe amadziwa kuti anabadwa nyengo imodzi ndi mlongo wawo. Anatchula asanu ndi mmodzi omwe akadali moyo. Mmodzi anasiyadi banja chaka chimenecho. Wina ndi mphunzitsi yemwe akuphunzitsabe pasukulu yomweyo. Wina akugulitsabe tomato pamalo omwe wakhala kuyambira kalekale. Enawo palibe chachilendo chomwe chinamveka. Tikadangokumbukira amalume ndi wosiya banja uja, tikadati pulaneti yagwira ntchito. Asanu otsalawo akadaiwalika, chifukwa munthu amene sanachite chachilendo sakambidwa pachitsime.

Mukauza wokhulupirira nyenyezi zimenezi ali ndi mayankho. Adzati zimatengera ola lomwe munthu anabadwa. Koma ndi angati obadwira kumudzi mu 1981 omwe ali ndi pepala losonyeza ola? Agogo amangokumbukira kuti kunali kutagwa mvula yoyamba ndipo tambala anali asanalire. Adzatinso mphamvuyo imayamba kumveka chaka chimodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike, n’kupitirira litadutsa. Adzawonjeza kuti chakumapeto kwa zaka za m’ma 30 kuli Puluto, cha pa 41 kuli Nepichuni, cha pa 44 kuli Satani, pulaneti ya mikombero ija. Mukaphatikiza zonsezi, zaka zonse kuyambira cha pa 37 mpaka 45 zadzaza. Ukonde waukulu chonchi sungabwere wopanda nsomba. Chilichonse chomwe chingachitikire munthu m’zaka zisanu ndi zitatu zimenezi chipeza pulaneti yake.

Pali njira yosavuta yoyesera chiphunzitsochi. Ngati Yuranasi ndi yomwe imasokoneza mtima, agogo obadwa mu 1946 anayenera kusokonezeka ali ndi zaka 39, ndipo ana awo obadwa mu 1984 ali ndi zaka 44. Kusiyana kwa zaka zisanu kukanaoneka m’mabuku olembamo maukwati otha ndi anthu osiya ntchito. Okhulupirira nyenyezi sanabweretse umboni wotero. Ndipo pamene luso lawo linayesedwa mosamala, silinapambane. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson. Okhulupirira nyenyezi ankapatsidwa mapu a kubadwa kwa munthu pamodzi ndi malongosoledwe atatu a khalidwe, kuti asankhe la mwini mapuwo. Analasa kamodzi mwa katatu, monga momwe angachitire munthu wongolotera.

Koma kusakhazikikako ndi kwenikweni

Kunena kuti pulaneti ilibe mlandu sikutanthauza kuti amalume ankanamizira. Ankavutikadi, ndipo zimenezi akatswiri a maganizo akhala akuzifufuza kwa zaka zambiri. Mawu achingerezi otchuka aja onena za vuto la pakati pa moyo anawayambitsa ndi Elliott Jaques, katswiri wa ku Canada, mu 1965. Iye anaunika miyoyo ya anthu aluso oposa 300, olemba, ojambula ndi opeka nyimbo, n’kuona kuti ambiri ankasintha kwambiri kapena kufooka cha pakati ndi kumapeto kwa zaka za m’ma 30. Anati chimawagwedeza ndi kuzindikira kuti imfa si nkhani ya anthu ena okha. Onani kuti iye sanatchule 42.

Akatswiri a zachuma David Blanchflower ndi Andrew Oswald anaunika mayankho a anthu a m’mayiko ambiri pa funso loti ndi okhutira motani ndi moyo wawo. Anapeza kuti kukhutira kumatsika pang’onopang’ono kuchokera pa unyamata, kufika pansi chakumapeto kwa zaka za m’ma 40, kenako n’kuyambanso kukwera. Mu kafukufuku wa 2020, Blanchflower anati pansi penipeni ndi cha pa zaka 47 m’mayiko olemera ndi 48 m’mayiko osauka. Akatswiri ena amatsutsa kawerengedwe kake, ndipo ngakhale ovomereza amati ndi chigwa chotsetsereka mwapang’onopang’ono, chosafanana ndi phompho logwera tsiku limodzi.

Kafukufuku amene anandithandiza kwambiri ndi wa Elaine Wethington wa ku yunivesite ya Cornell, wa m’chaka cha 2000. Mwa anthu a ku Amereka omwe anafunsidwa, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse ndi amene anati anakumanapo ndi vuto la pakati pa moyo. Ambiri mwa iwo analigwirizanitsa ndi chochitika chenicheni monga kutha kwa ntchito, kutha kwa banja kapena matenda, ndipo ena linawagwera asanafike 40 kapena atadutsa 50. Apa ndi pomwe ndinasiya kufunsa kuti Yuranasi inali pati. Ndinayamba kufunsa kuti chawachitikira amalume ndi chiyani.

Zaka 44 za munthu wa ku Mlangeni

Tatengani moyo wa munthu wobadwa mu 1981 m’malire muno. Ali mwana anaona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki atadzaza m’midzi ya Ntcheu ndi Dedza. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994 anali kale ndi zaka 12. Njala ya 2002 inamupeza akungoyamba banja. Anzake ambiri anawaika m’manda m’zaka zomwe mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kumidzi. Ndipo mwezi womwe amalume anakwanitsa zaka 42, Novembala 2023, ndi mwezi womwe ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Feteleza, mankhwala opopera kachewere ndi mafuta a njinga zonse zinakwera, pamene dimba ndi lomwelija.

Tsiku lina ndinawaperekeza kudimba, ndipo m’malo mowatsutsa ndinangofunsa kuti, “Amalume, ganizo la ku Joni linayamba liti?” Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kuwerenga ndi zala. Mu Epulo anaika m’manda mnzawo yemwe anakulira naye limodzi, amene anangogwa kumunda osadzukanso. Mu Meyi chiwawu chinagwira theka la kachewere, ndipo ngongole ya feteleza inatsala. Mu Juni mwana wawo wachisamba anapeza malo kukoleji, chinthu chomwe anakhala akuchipempherera, koma fizi inalibe pochokera. Agogo nawo miyendo inali itayamba kukana, ndipo aliyense wodwala m’mbumba amathamangira kwa mwinimbumba. Pamwamba pa izi, mnyamata wina yemwe kale ankawagwirira ganyu anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto.

“Ndikadzuka usiku ndimawerenga,” anatero. “Atate anamwalira ali ndi zaka 58. Ndiye kuti zanditsalira 14. Zaka 14 ndikuthirira kabichi yemweyu?”

Umu ndi momwe zaka za m’ma 40 zimakhalira kwa ambiri kwathu kuno. Wobereka ali ndi zaka za m’ma 20 amapeza kuti ana ake afika pofuna ndalama zambiri nthawi yomweyo yomwe makolo ake ayamba kufooka. Thupi nalo limayamba kulankhula. Zonsezi zimakumana pa msinkhu umodzi chifukwa cha kalendala ya banja, ndipo msinkhuwo umangopezeka kuti uli pafupi ndi theka la 84.

Ngozi ziwiri za kukhulupirira vidiyo ija

Wina anganene kuti palibe cholakwika kuitcha Yuranasi, bola munthu watonthozedwa. Ndikumvetsa. Msuweni wanga vidiyo ija inamuthandiza kuona kuti bambo ake sanapenge ndipo sanalodzedwe, ndipo pamudzi pomwe munthu akasintha khalidwe anthu amathamangira kuloza chala nkhalamba ina, chimenecho si chaching’ono. Koma pali ngozi ziwiri.

Yoyamba ndi yakuti chiphunzitsochi chimapereka chilolezo. Mavidiyo ambiri amati ino ndi nthawi yodula maunyolo, ndipo ukakana kusintha moyo udzakusintha mokakamiza. Mawu otere amakoma kwa munthu amene ali ndi penshoni ndi nyumba ya inshuwalansi. Kwa mlimi wa ku Mlangeni unyolo womwe akuuzidwa kuti adule ndi dimba lomwe limadyetsa mabanja atatu. Ndipo ku Joni si kongofikira. Mmalawi wolowa ndi pasipoti ngati mlendo amapatsidwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenecho si chogwirira ntchito. Masikuwo akatha munthu amayamba moyo wobisala, ndipo akagwidwa amakathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Wobwezedwa ali ndi zaka 25 amayambanso. Wobwezedwa ali ndi zaka 45, dimba atagulitsa, amafikira pati?

Ngozi yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Mukangoti “ndi Yuranasi, zidutsa,” mumasiya kufunafuna matenda. Amalume ankagona maola atatu okha. Mutu unkawawawa kunkhongo. Anali atayamba kumwa masana, chinthu chomwe kale sankachita. Vidiyo ija zonsezi ikanazitcha mphamvu ya pulaneti. Amayi anawakakamiza kupita kuchipatala, ndipo makina anaonetsa 160 pa 100. Kuthamanga kwa magazi kumatengedwa kuti kwakwera kukafika 140 pa 90 kapena kuposa, pakayezedwa masiku osiyana. Atabwereranso kachiwiri zinali zomwezo, ndipo anayamba kumwa mankhwala. Matendawa nthawi zambiri sapereka chizindikiro chilichonse, choncho si bwino kudikira mutu kuti uwawe kaye. Sindikunena kuti bipi ndi yomwe inawapatsa maganizo a ku Joni. Ndikunena kuti tikanadikira Epulo 2026 kuti pulaneti idutse, munthu akanakhala miyezi ina isanu ndi inayi akuyenda ndi matenda oopsa osadziwa.

Kusiyanitsa kutopa ndi matenda

Ndiye mwana wa pakhomo angadziwe bwanji kuti bambo kapena mayi ake angotopa ndi moyo umodzimodzi, kapena akudwala? Pali kusiyana komwe mungakuone ndi maso.

Munthu wongofuna kusintha amakhala ndi njala ya chinachake. Amakamba za mapulani, amafunsa mitengo, amadya, amaseka, ndipo mukamufunsa mafunso ovuta amakwiya pang’ono koma amayankha. Munthu wodwala matenda a kukhumudwa amataya chilakolako cha zinthu zomwe ankazikonda. Kwa masabata awiri kapena kuposa amakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, sagona kapena amangogona, sadya bwino, amadziona wopanda ntchito. Kwa abambo ambiri zimatulukira mu ukali ndi mowa, misozi osaoneka. Akayamba kunena mawu ngati “mudzatsala bwino ine kulibe,” kapena kugawa katundu wake mosadziwika bwino, musadikire mawa. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu m’nyumba, ndipo pitani naye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma ku Ntcheu. Kufunsa sikumuika maganizowo m’mutu. Malipoti a apolisi m’dziko muno akhala akusonyeza kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m’banja zimatchulidwa kawirikawiri.

Kwa amayi pali chinanso. Ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, koma thupi limayamba kusintha zaka zingapo izi zisanachitike. Msambo umasokonekera, usiku thukuta limatuluka ngakhale mu Julaye wa ku Mlangeni, tulo timasowa, mtima umapsa msanga. Mayi wa zaka 43 amene akumva zotere safunika mapu a nyenyezi. Afunika namwino woti amufotokozere zomwe zikuchitika, ndi kumuyeza magazi, shuga ndi bipi.

Zomwe tinachita ndi dimba

Nkhani ya dimba sinathe ndi mankhwala. Amalume ankafunabe kuchoka, ndipo kunena zoona anali ndi mfundo: ulimi womwewo, pa mitengo ya lero, sukanalipira koleji. Abale atakhala pansi, agogo ali pomwepo, sanawauze kuti maganizo awo ndi opusa. Anagawa nkhaniyo pawiri, zomwe zingabwezedwe ndi zomwe sizingabwezedwe. Kugulitsa dimba sikubwezedwa. Kulibwereketsa kwa nyengo imodzi kumabwezedwa. Kugulitsa njinga kuti upeze thiransipoti ya ku Joni sikubwezedwa msanga. Kuyesa ntchito ina njingayo ili pakhomo kumabwezedwa.

Anagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, theka la dimba libwereketsedwe kwa nyengo imodzi, pamaso pa anyakwawa, ndipo ndalama yake ipite ku fizi ya teremu yoyamba. Chachiwiri, amalume ayese kugula kachewere kwa alimi anzawo n’kumatumiza ku Lilongwe, kuyamba ndi matumba ochepa, ndipo azilemba m’kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Chachitatu, nkhani ya ku Joni isakambidwenso mpaka miyezi isanu ndi umodzi itatha. Ikadzabweranso, adzabwere ndi mayankho: akafikira kwa yani, akagwira ntchito yanji, ndi mapepala ati, ndipo zikakanika ndalama yobwerera ili kuti.

Ulendo woyamba wa ku Lilongwe analuza, chifukwa galimoto inachedwa ndipo anapeza msika utadzaza. Wachiwiri anabweza ndalama yawo. Wachitatu anapindula pang’ono. Sanalemere, ndipo masiku ena amatchulabe Joni, makamaka akaona basi yodutsa pa M1 itasenza katundu. Koma dimba lilipo, msuweni wanga ali kukoleji, ndipo amalume akugona.

Wokhulupirira nyenyezi akhoza kumva nkhaniyi n’kunena kuti, “Mwaona? Wasintha ntchito, monga tinanenera.” Akanapita ku Joni akanateronso. Akanakhala osasintha kanthu akanati akukana mphamvuyo ndipo idzaphulika m’tsogolo. Chiphunzitso chomwe chimapambana zivute zitani sichingakuuzeni chochita Lolemba m’mawa. Kope la amalume lija limatha kuwauza kuti aluza.

Usiku womwe tinaifunafuna

Chakumapeto kwa Novembala 2025, kunja kulibe mwezi ndipo mitambo itapatuka, ine ndi msuweni wanga tinawatulutsa amalume panja. Zaka zino Yuranasi ikuoneka pafupi ndi Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana kaja komwe agogo athu amakadziwa bwino, ndipo Novembala ndi nthawi yomwe imawala kwambiri chifukwa dziko lathu limakhala pakati pa iyo ndi dzuwa. Tinatsegula pulogalamu ya pafoni ya Stellarium, n’kulemba Uranus pofufuzira, ndipo kamuvi kanatilozera chakumwera pang’ono kwa Nsangwe. Mukhoza kuchita zomwezo, ngakhalenso kubweza tsiku pa pulogalamuyo kufika pa tsiku lanu lobadwa kuti muone pomwe inali.

Amati kumalo amdima weniweni munthu wa maso akuthwa akhoza kuiona ngati kadontho kofooka kwambiri. Ife tinazimitsa foni, tinadikira maso azolowere, tinayang’ana mpaka makosi kuwawa. Msuweni wanga anati waiona. Ine sindikutsimikiza. Amalume anayang’ana nthawi yaitali, manja ali m’thumba la jekete.

“Ndiye kameneka ndi komwe mumati kakundivutitsa?” anafunsa. “Kosaoneka n’komwe?”

Anaseka, koyamba patapita miyezi. Kenako anati tilowe, chifukwa galimoto ya ku Lilongwe inkanyamuka 4 koloko m’mawa ndipo matumba anali asanasokedwe.